Kamchira ka funso m'Chingerezi, ndi chinsinsi cha "aren't I?"

M'Chichewa mulibe vuto. Ukanena kuti "Wadya kale," umangowonjezera "eti?" kapena "si choncho?" basi, ndipo mawuwo amakwanira pa chiganizo chilichonse. N'chifukwa chake ambirife tikamayankhula Chingerezi timamata "isn't it?" paliponse, ngati chigamba chimodzi chotsekera zibowo zonse. Chingerezi cha m'kalasi sichilola zimenezo: chiganizo chilichonse chimakhala ndi kamchira kakekake.

Kamchirako kamapangidwa ndi mneni wothandiza wa m'chiganizo chomwecho ndi mlowam'malo wa dzina, ndipo kamatembenuza zomwe zanenedwa. Chiganizo chikakhala chovomera, kamchira kamakana: "Mary can swim, can't she?" Chikakhala chokana, kamchira kamavomera: "Mary can't swim, can she?" Nanga pamene mneni wothandiza sakuoneka, monga mu "The bus left early"? Apa timabwereka "do", n'kumuika m'nthawi ya chiganizocho. Basi inanyamuka kale, choncho timati "didn't it?"

Msampha wogwetsa ambiri pa mayeso ndi mawu okana mobisa, monga "never", "hardly" ndi "nobody". Mulibe "not" mu "He never drinks tea," komabe chiganizocho chikukana, ndiye kamchira kake ndi "does he?" Kuyankha nakonso kumasokoneza. Wina akakufunsa kuti "You didn't eat, did you?" iwe usanadye, m'kamwa mumabwera "inde," poti kwathu timavomereza zimene wofunsayo wanena. Mzungu amayembekezera "No, I didn't." Ukati "yes," mbale ya nsima ikudutsa.

Pa ziganizo zolamula kamchira sikafunsa kwenikweni. Kamafewetsa kapena kukometsa lamulolo. "Close the door, will you?" ndi kutuma, pomwe "Sit down, won't you?" ndi kulandira mlendo mwaulemu. Choletsa chimatenga "will you" nthawi zonse: "Don't be late, will you?" Chiganizo choyamba ndi "Let's" chimatha ndi "shall we?"

Tsono pali "I am." Potsatira lamulo tikanayenera kunena "amn't I?", ndipo ku Scotland ndi ku Ireland alipodi anthu amene amatero. Koma ku England mawuwo anafupika kalekale kukhala "an't". Popeza anthu ambiri kumeneko satchula "r" mu "aren't", mawu awiriwo ankamveka chimodzimodzi, ndipo olemba anayamba kulemba "aren't I?" Choncho timati "I am late, aren't I?" ngakhale kuti Chingerezi cha m'kalasi sichilola kunena kuti "I aren't late." Wofuna kumveka ngati ali m'bwalo la milandu akhoza kunena "am I not?", ndipo sanalakwe. Chiganizo chikakhala chokana, chachilendocho chimatheratu: "I am not late, am I?"