Vawelo imene sinasunthe, koma pepala likuti yasuntha

Kumwera kwa England, achinyamata amatchula vawelo ya m'mawu akuti "goose" lilime litasendera kutsogolo, pamene agogo awo ambiri amaitchulira kumbuyo, pafupi ndi u wa m'Chichewa. Khutu limamva kusiyanako, koma ofufuza amafuna manambala. Amajambula mawu n'kuwayeza pa pulogalamu ya Praat, kufunafuna mafomanti, omwe ndi malo amene liwu limalira mwamphamvu likamadutsa kummero ndi m'kamwa. Fomanti yoyamba, F1, imakwera kamwa likayasama. Yachiwiri, F2, imakwera lilime likapita kutsogolo.

Vuto n'lakuti anthu sanaumbidwe mofanana. Mu 1952, Peterson ndi Barney anayeza anthu 76 ku America, napeza kuti F2 ya vawelo i inali pafupifupi 2290 Hz mwa abambo, 2790 mwa amayi ndi 3200 mwa ana. Vawelo ndi imodzimodziyo, chasiyana ndi kutalika kwa njira ya mawu. Ukalamba nawo umatsitsa F1, makamaka mwa amayi, choncho agogo ndi mdzukulu sangayerekezedwe ndi manambala osakonza.

Njira yotchuka yokonzera ndi ya Lobanov ya mu 1971. Pa munthu aliyense amapeza avereji ya mavawelo ake onse, n'kuona kuti vawelo iliyonse yatalikira bwanji avereji imeneyo, poyerekeza ndi mmene mavawelo akewo amwazikira. Njirayi imachotsadi kusiyana kwa matupi, koma ili ndi msampha wake.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, pa mavawelo asanu. Agogo ali ndi F2 yotere: i 2700, e 2200, a 1600, o 1000, u 1000. Avereji ndi 1700. Mdzukulu akufanana nawo ponseponse kupatula u, amene wafika pa 1500. Avereji yake yakwera kufika 1800, ndipo mavawelo ake ayandikana pang'ono. Ukawerengetsa mwa Lobanov, o wa agogo akugwera pa -1.05, wa mdzukulu pa -1.36. Wofufuza wopupuluma alemba kuti achinyamata akubweza o kumbuyo, chonsecho onse awiri ali pa 1000 Hz! Wasuntha ndi u yekha, ndipo wakoka muyeso wonse.

Kugwira bodza limeneli sikovuta, kungoti ambiri amachita ulesi. Wofufuza achotse u, awerengetsenso avereji, aone ngati kusuntha kwa o kukadalipo. Abwererenso ku manambala osakonza aja, n'kuyerekeza amayi ndi amayi anzawo okha. Aonetsetsenso kuti aliyense wayezedwa mavawelo ofanana, chifukwa munthu amene watchula i kambirimbiri avereji yake imakwera popanda chifukwa.

Nthawi zina cholakwa chimayambira m'makina. Pa Praat, malire ofunira mafomanti amaikidwa pa 5000 Hz kwa abambo ndi 5500 kwa amayi. Pa u wa agogo, F1 ndi F2 zimayandikana kwambiri, ndipo malire akalakwika pulogalamu imatha kuziphatikiza n'kutenga F3 ngati F2. Apo agogo amaoneka ngati akuyankhula chinyamata, mpaka wina atayang'ana chithunzi cha mawuwo ndi maso ake.