Bolodi lonse la chesi m'nambala imodzi

Bolodi la chesi lili ndi mabokosi 64. Pulosesa ya kompyuta za masiku ano nayo imanyamula nambala ya mabiti 64 nthawi imodzi. Mapulogalamu amphamvu osewera chesi, kuphatikizapo Stockfish, anamangidwa pa kufanana kumeneku. Biti ndi kaswichi kakang'ono kamene kamakhala 1 kapena 0, koyaka kapena kozima. Ndiye bokosi lililonse limapatsidwa biti yake: a1 ndi biti 0, h1 ndi biti 7, a2 ndi biti 8, mpaka h8 amene ndi biti 63. Nambala yoteroyo ndiyo bitibodi.

Bitibodi imodzi siuza zonse. Imangoyankha funso limodzi mabokosi onse, kuti inde kapena ayi. Ina imati "pano pali msilikali woyera", ina "pano pali kavalo wakuda", ndipo popeza mbali iliyonse ili ndi mitundu isanu ndi umodzi ya zidole, mabitibodi 12 amakwana kujambula bolodi lonse. Nzeruyi si ya dzulodzulo ayi. Kaissa, pulogalamu ya ku Soviet Union imene inapambana mpikisano woyamba wa dziko lonse wa makompyuta osewera chesi ku Stockholm mu 1974, inkaigwiritsa kale ntchito.

Phindu lake limaonekera bwino pa asilikali. Masewera akamayamba, asilikali oyera asanu ndi atatu amadzaza mzere wachiwiri, mabiti 8 mpaka 15. Kupita kutsogolo bokosi limodzi n'chimodzimodzi kuwonjezera 8 pa nambala ya bokosilo: e2 ndi 12, e3 ndi 20. Choncho m'malo mofunsa msilikali mmodzimmodzi, pulogalamu imakankha nambala yonse malo asanu ndi atatu, kenako n'kusiya okhawo amene atera pamalo popanda kanthu.

```c
kamodzi = (asilikali << 8) & opanda;
kawiri  = ((kamodzi & MZERE_3) << 8) & opanda;
```

Chizindikiro cha `<<` chimakankha mabiti, pamene `&` chimasunga biti pokhapokha ngati ikuyaka mbali zonse ziwiri. Mzere wachiwiriwo ndi wa kudumpha mabokosi awiri, ndipo ukungotenga amene atera pamzere wachitatu, chifukwa amenewo ndiwo achokera kwawo. Mizere iwiri yokhayi yapeza mayendedwe 16. Onjezani anayi a akavalo, akwana 20, onse amene woyera ali nawo poyamba.

Koma nambala sidziwa kuti bolodi lili ndi m'mphepete. Msilikali amadya mopingasa, ndipo kudya cha kumanja ndi kuwonjezera 9. Tengani wa pa h2, biti 15. Mukawonjezera 9 mupeza 24, ndipo 24 ndi a4, kutsidya lina la bolodi! Pulogalamu yosasamala imalola msilikali ameneyu kutulukira khomo lakumanja, kulowera lakumanzere, n'kudya chidole chimene sanayandikane nacho n'komwe. Mankhwala ake ndi ophweka: musanakankhe, zimitsani asilikali onse a mumzere wa h, ndipo pakudya cha kumanzere zimitsani a mumzere wa a. Pafupifupi aliyense amagwamo m'dzenje limeneli kamodzi.

Kavalo ndi mfumu savuta, chifukwa kumene angafike sikudalira zimene zili panjira. Pulogalamu imakonzeratu tebulo la mabitibodi 64 pa aliyense. Kavalo wa pa b1 akafunsidwa, tebulo limati a3, c3 ndi d2, kenako d2 amachotsedwa poti pali msilikali wake yemwe.

Mutu umauma pa zidole zoyenda mtunda wautali: ruku, bishopu ndi mfumukazi. Ruku amayenda mpaka atagunda chinthu, kotero yankho limasintha malinga ndi amene watsekereza njira. Ruku wa pa a1 ali ndi mabokosi 12 amene angamutsekereze, b1 mpaka g1 ndi a2 mpaka a7. Akumapeto, h1 ndi a8, sawerengedwa, chifukwa kuseri kwawo kulibe kopita. Mabokosi 12 angadzazidwe m'njira 4,096, ndipo yankho la njira iliyonse limasungidwiratu. Chotsala n'chakuti mabiti 12 omwazikanawo asanduke nambala yaing'ono yolozera patebulo. Njira yotchuka, imene inafala cha m'ma 2006, imachulukitsa mabitiwo ndi nambala yapadera ya bokosi limenelo, n'kutenga mabiti a pamwamba okha. Akatswiri amaitcha "nambala ya matsenga", ngakhale matsenga palibe: amaipeza poyesa manambala ambirimbiri mpaka ina itapezeka yosasokoneza mayankho. Matebulo onse a ruku amatenga makilobaiti 800, mtengo wochepa poyerekeza ndi liwiro limene amagula.

Zonsezi zikungonena kumene chidole chingafike. Lamulo limafunanso kuti mfumu yako isatsale pangozi. Njira yachidule ndi kusewera kaye n'kuona ngati mfumu yaopsezedwa, koma imadya nthawi. Yachangu ndi kuima pa bokosi la mfumu n'kuyang'ana ngati kuti mfumuyo ndi ruku kapena bishopu. Ngati pakati pa iyo ndi ruku wa mdani pali chidole chimodzi chokha, ndipo n'chako, chimenecho chamangidwa: chingayende mumzere womwewo basi.

Taonani mmene lamulo looneka langwiroli limaphonyera. Pali kaimidwe kena kamene olemba mapulogalamu amayesera ntchito yawo:

```
8/2p5/3p4/KP5r/1R3p1k/8/4P1P1/8 w - -
```

Yang'anani mzere wachinayi wokha. Ruku woyera ali pa b4, msilikali wakuda pa f4, mfumu yakuda pa h4. Woyera adumphitsa msilikali kuchoka e2 kufika e4, pambali penipeni pa wakuda uja. Lamulo la kudya modutsa limalola msilikali wa pa f4 kumudya ngati kuti anaima pa e3. Pulogalamu iwerenga zidole za pakati pa ruku ndi mfumu, ipeza ziwiri, n'kunena kuti palibe womangidwa. Koma kudya kumeneku kumachotsa asilikali awiri pamzere umodzi nthawi imodzi: wodya wapita pa e3, wodyedwa wachoka pabolodi. Njira yatseguka kuchoka b4 mpaka h4, ndipo mfumu yakuda yatsala pamtetete. Palibe kudya kwina m'chesi kumene kumakhuthula mabokosi awiri chonchi, n'chifukwa chake kumafuna kuyesedwa pakokha: zimitsani mabiti a f4 ndi e4, yatsani ya e3, mufunsenso tebulo la ruku kuchokera pa mfumu.

Cholakwika chotere chingabisale masewera mazanamazana osaonekera, ndiye poyesa sadalira kusewera. Amawerengetsa pulogalamu njira zonse zotheka mpaka kuya kwinakwake, ntchito imene lamulo lake amalilemba kuti `perft`. Kuchokera poyambira masewera, mayankho odziwika ndi 20, 400, 8,902, 197,281 ndi 4,865,609. Pa kaimidwe kathu kaja ndi 14, kenako 191. Pulogalamu yodwala nthenda ya kudya modutsa ipereka 193, chifukwa msampha womwewo ulinso pa g2 kupita g4. Ikatero, wolemba amagawa chiwerengerocho potsata kuyenda koyamba kulikonse, n'kufananiza ndi cha pulogalamu yodalirika. Mwa 14 aja, 12 agwirizana. Awiri otsalawo, e4 ndi g4, aliyense waposa ndi chimodzi.