Ukamafunsa Chatiboti za Homuweki, Iuze Pamene Wakodwa

Kuyambira pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT mu Novembala 2022, homuweki yasintha nkhope. Mu 2024 Meta AI inalowanso mu WhatsApp kuno ku Malawi, moti mwana wa sekondale amene ali ndi foni ndi kabandulo kochepa angathe kujambula funso la masamu, kulitumiza, yankho n'kubwera madzi a tiyi asanawire. Aphunzitsi akudandaula, ndipo ali ndi chifukwa. Kope limabwera loyera, samu iliyonse yokhoza, koma mwini kopeyo akaitanidwa pabolodi choko chimamulemera m'manja.

Kuletsa ana kugwiritsa ntchito mapulogalamu ochezawa, omwe ambiri akuwatchula kuti machatiboti, sikungaphule kanthu. Chimene chingathandize n'kuwaphunzitsa kafunsidwe. Chatiboti sidziwa kuti amene akulemba ndi wa Fomu 1 kapena wa ku yunivesite, sidziwa zimene aphunzitsi aphunzitsa sabata ino, ndipo sidziwa chifukwa chimene funsolo lafunsidwira. Ikalandira funso lopanda mawu ena imangoganiza kuti chofunika ndi yankho, n'kulipereka lonse. Zili ngati munthu wofika kuchipatala n'kungoti “ndikudwala”, osanena pamene pakupweteka kapena tsiku limene zinayamba.

Tiyeni titenge chitsanzo. Mtsikana wa Fomu 3 wapatsidwa samu iyi kuti aipeze pofakitoraiza:

```
2x² + 7x + 3 = 0
```

Wayesa. Wakhala akufunafuna manambala awiri oti akawachulukitsa apereke 3, akawaphatikiza apereke 7, koma sakuwapeza. N'zoona kuti sangawapeze, pakuti 1 ndi 3 akaphatikizana amangofika pa 4. Akangotumiza samuyo yokha, adzalandira yankho, mwinanso lopezedwa ndi njira ya fomula imene kalasi lake silinafikepo. Adzakopera, aphunzitsi adzachonga, koma chimene chinamukola chidzakhalabe pomwepo kudikira tsiku la mayeso.

Mmalo mwake angalembe motere: “Ndili Fomu 3 ku Malawi ndipo ndikukonzekera MSCE. Taphunzira kufakitoraiza, fomula sitinafike. Samu yake ndi iyi. Ndafuna manambala ochulukitsana kupereka 3 ndi ophatikizana kupereka 7 koma sindikuwapeza. Usandiuze yankho. Undisonyeze pamene ndikulakwitsa, undipatse sitepe imodzi yokha, kenako udikire ndiyese ndekha.”

Mawu amenewa akhoza kulembedwa m'Chingerezi, ngakhale chothyokathyoka. Kunena zoona, machatiboti ambiri amachita bwino m'Chingerezi kuposa m'Chichewa, ndipo masamu a kusekondale amaphunzitsidwanso m'Chingerezi chomwecho.

Chiganizo chilichonse pamenepa chili ndi ntchito yake. Kutchula kalasi kumachititsa kuti mafotokozedwe akhale a msinkhu wake. Kutchula njira kumaletsa chatiboti kumutengera kunjira ina, zomwe n'zofunika chifukwa funso likanena kuti ufakitoraize, wochonga amayang'ana njira imeneyo, ndipo malikisi ena amachokera m'masitepe, osati m'yankho lomaliza lokha. Koma chiganizo cholemera kwambiri ndi chija chofotokoza zimene wayesa kale. Ana ambiri amachisiya chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa choti sanayese n'komwe. Komatu m'chiganizo chimenecho ndi mmene muli matenda enieni. Aliyense wodziwa masamu akachiwerenga aona nthawi yomweyo kuti mtsikanayu akugwiritsa ntchito lamulo la samu zoyamba ndi `x²` yekha, waiwala kuti pano kutsogolo kuli 2.

Chimene akusowa n'chaching'ono: achulukitse 2 wakutsogoloyo ndi 3 wakumapeto, apeze 6. Tsopano afune manambala ochulukitsana kupereka 6 ndi ophatikizana kupereka 7. Amenewo ndi 6 ndi 1, ndipo awapeza yekha mosavuta. Kuchokera apo foni aiike pambali, atenge pensulo:

```
2x² + 6x + x + 3 = 0
2x(x + 3) + 1(x + 3) = 0
(2x + 1)(x + 3) = 0
```

Ndiye kuti `x` ndi −3 kapena −1/2. Akakodwanso pamzere wachiwiri, abwerere akalembe mzere umene wafikapo, apemphenso sitepe imodzi. Nthawi zina chatiboti imaiwala pangano n'kukhuthula yankho lonse. Zikatero asataye mtima. Aiuze kuti imupatse samu ina yofanana nayo, monga `3x² + 10x + 3 = 0`, ayambirenso. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, kupempha samu ziwiri kapena zitatu zoyeserera ndi njira yokhayo yodziwira ngati wamvetsadi. Kuwerenga mafotokozedwe omveka bwino kumanyenga. Munthu amagwedeza mutu n'kumati ndamva, koma akapatsidwa pepala lopanda kanthu ndi pamene choonadi chimaoneka.

Palinso china chimene ana ambiri sachidziwa. Machatiboti anaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri kuti azilosera mawu oyenera kutsatira pa mawu ena. N'chifukwa chake amalankhula mosadodoma ngakhale pamene akulakwitsa, ndipo kalembedwe ka yankho lolakwika sikasiyana ndi ka lolondola. Amathanso kuwerenga molakwika chithunzi cha samu yolembedwa pamanja, 7 n'kumuona ngati 1, chizindikiro chochotsera n'kuchiphonya. Ena amakonda kuvomereza: ukawauza molimba mtima kuti yankho lako ndi lolondola, akhoza kungokugwirizana nazo. Ubwino wa masamu ndi woti umatha kudzitsimikizira wekha. Ika −3 mu samu yoyamba ija: −3 kuchulukitsa ndi −3 ndi 9, kawiri ndi 18; 7 kuchulukitsa ndi −3 ndi −21; ndiye 18 kuchotsa 21 kuphatikiza 3, yankho ndi 0. Ikapanda kufika pa 0, pali cholakwika penapake, kaya ndi chako kaya ndi cha makinawo.

M'maphunziro ena kutsimikiza n'kovutirapo. Pa mbiri ya dziko lathu ndi mabuku a Chichewa amene amawerengedwa m'kalasi, chatiboti ingathe kupeka mayina a anthu, zaka, ngakhale zochitika zimene m'bukumo mulibe, chifukwa zolemba za kwathu n'zochepa pa intaneti. Wophunzira wolemba za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 angachite bwino kutenga mfundo m'buku la kusukulu ndi m'manotsi, kulemba yekha ndime zake, kenako kupempha kuti chatiboti imuuze pamene mfundo sizikulumikizana kapena pamene sanayankhe funso. Asapemphe kuti imulembere ndime yokonzedwa. Aphunzitsi amadziwa Chingerezi cha ana awo, ndipo mwana amene dzulo ankavutika ndi chiganizo chimodzi akabwera lero ndi ndime zosalala ngati za m'nyuzipepala, sabisika.

Pofotokoza za iwe mwini, kalasi ndi phunziro n'zokwanira. Dzina lako, dzina la sukulu, nambala ya foni kapena chithunzi chako sizithandiza samu kutheka, choncho usazilembe. Ngati aphunzitsi anena kuti ntchito inayake ichitidwe popanda thandizo lililonse, mawu awo ndiwo lamulo.

Makolo, simukufunika kudziwa kufakitoraiza kuti muone ngati mwana akuphunzira kapena akungokopera. Akamaliza homuweki, tengani foniyo muigwire m'manja mwanu, mumpatse pepala, mumuuze kuti abwereze samu imodzi akukufotokozerani chimene akuchita pamzere uliwonse. Umu ndi mmene zidzakhalirenso pa mayeso a MANEB, pakuti m'chipinda cholembera mayeso foni siloledwa.