Kalata imodzi kwa anthu 400: chochita kuti isamveke ngati youmbidwa pa chikombole

Mwezi watha ndinalandira imelo kuchokera ku sitolo ina komwe ndinagulako katundu. Inayamba ndi dzina langa la bambo lili m'zilembo zikuluzikulu, kenako chilembo chimodzi cha dzina langa loyamba, monga mmene zimalembedwera pa lisiti. M'ndime yachiwiri dzinalo linabweranso, m'ndime yachitatu chimodzimodzi. Ndisanafike pakati ndinali nditadziwa kale kuti palibe munthu amene anandiganizira polemba kalatayo, ndipo ndinaitseka. Zinandikhudza, chifukwa eni sitoloyo anali ndi nkhani yabwino yoti andiuze, koma anaikwirira okha.

Njira imene anagwiritsa ntchito si yoipa. Munthu amalemba kalata imodzi m'pulogalamu ya Word n'kusiya mipata ingapo, ndipo mayina ndi zina zodzazira mipatayo amazisunga m'tebulo la Excel, munthu aliyense mzere wake. Pa Mailings, kompyuta imatenga mzere woyamba n'kudzaza mipata, kenako wachiwiri, mpaka onse atatha. Amene amatumiza kudzera pa Mailchimp amachitanso zomwezo, kungoti mpata wa dzina loyamba amaulemba `*|FNAME|*`. Kalata yotereyi ndi chikombole ndithu. Funso n'lakuti tingatani kuti wolandira asaone m'mbali mwa chikombolecho.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa zipangizo za sola ku Lilongwe. Ili ndi makasitomala 400 amene anagula chaka chatha, ena batire, ena mapanelo, ena pampu yothirira. Mmisiri wa sitoloyo ayendera madera angapo kukaona ngati zipangizozo zikugwira bwino ntchito, ndipo mwini sitolo akufuna kudziwitsa aliyense.

Ambiri amayamba ndi tebulo: amaona kuti muli madanga khumi, ndiye amafunafuna poika danga lililonse m'kalata. Apa m'pamene pamalakwika. Mwini sitolo ayambe watseka tebulolo, asankhe kasitomala mmodzi amene akumukumbukira nkhope, n'kumulembera kalata yeniyeni ngati kuti palibenso wina woti alandire. Akamaliza atenge cholembera n'kudula mzere kunsi kwa mawu okhawo amene sangakhale oona kwa kasitomala wina. Adzapeza kuti ndi ochepa: moni, katundu amene munthuyo anagula, malo ndi tsiku limene mmisiri adzafike, ndi chimene munthuyo ayenera kuchita. Mipata inayi basi. Kalata yake ingaoneke chonchi:

```
«Moni»,

Patha chaka chigulireni «Katundu» kwa ife.
Mmisiri wathu adzakhala «Malo».
«Chochita»
```

Mpata uliwonse uyesedwe ndi funso limodzi: nditauchotsa, kodi kalatayi ingathandizebe munthuyu mofanana? Mukachotsa malo ndi tsiku, kalata yatha ntchito, choncho mpatawo ndi wofunika. Mukachotsa dzina lobwerezedwa m'ndime yachitatu, palibe chasintha. Limenelo ndi chokongoletsera chabe, ndipo n'chimene chimaulula makina, popeza munthu polembera mnzake samutchula dzina katatu m'mizere isanu ndi umodzi.

Tiyambe ndi moni, chifukwa ndi pamene diso limafikira. Mapulogalamu ambiri otumizira maimelo amakupatsani mpata wa dzina loyamba ngati chinthu chachizolowezi, chifukwa kumene anapangidwira kuitana kasitomala ndi dzina loyamba si mwano. Kwathu kuno mayi wa zaka 60 sangasangalale kuitanidwa dzina lake loyamba ndi sitolo. Iye ndi Mayi Banda. Wina ndi Bambo Phiri, wina ndi Abusa, wina ndi Shehe. Ndipo musayese kulota kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi poona dzina, pakuti Chikondi, Chisomo ndi Mphatso ndi mayina a onse. Pamene simukudziwa, "a Banda" ndi ulemu wokwanira ndipo sulakwira aliyense. Tsono m'tebulo mukhale danga la ulemu ndi danga la dzina la bambo, ndipo danga lachitatu liphatikize ziwirizo:

```
=IF(B2="","Moni kwa inu","Okondedwa "&TRIM(A2&" "&B2))
```

Apa `A2` ndi mawu a ulemu, `B2` ndi dzina. Dzina likasowa, kalata iyamba ndi "Moni kwa inu" m'malo mwa "Okondedwa" wotsatiridwa ndi mpata wopanda kanthu. `TRIM` amachotsa mipata yotsalira imene munthu anaisiya potaipa.

Mayina olembedwa m'zilembo zikuluzikulu anthu amawakonza ndi `PROPER`, imene imakuza chilembo choyamba n'kuchepetsa zotsalazo. Samalani nayo. `PROPER` imakuzanso chilembo chilichonse chobwera pambuyo pa chizindikiro chimene si chilembo, kotero NG'OMA amasanduka Ng'Oma. Mayina okhala ndi kachizindikiro ka m'mwambako ndi ambiri kwathu, ndipo mwini dzina amaona cholakwacho nthawi yomweyo. Afufuzeni m'tebulo ndi kuwakonza pamanja. Chimodzimodzi chilembo cha ŵ: tebulo likasungidwa kapena kutsegulidwa molakwika, Malaŵi amaoneka ngati `MalaÅµi`. Potumiza tebulo ku pulogalamu ina, lisungeni monga `CSV UTF-8`.

Vuto lalikulu kuposa onse, limene mabuku ophunzitsa ntchitoyi salitchula chifukwa sanalembedwere chinenero chathu, ndi mgwirizano wa mawu. M'Chichewa dzina limalamulira mawu oyandikana nalo. Timati batire lanu likugwira, pampu yanu ikugwira, mapanelo anu akugwira. Mwini sitolo akalemba kuti "tikufuna tione ngati «Katundu» yanu ikugwira bwino", ogula pampu okha ndi amene alandire chiganizo cholongosoka. Ogula mapanelo awerenga kuti "mapanelo yanu ikugwira", ndipo palibe Mchewa amene angalankhule chotero. Kalata yagwidwa pomwepo.

Njira zotulukira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumanga chiganizo mwakuti mpata ukhale pamalo posalamulira mawu ena. Onaninso chiganizo chija: "Patha chaka chigulireni «Katundu» kwa ife." Muikemo batire, pampu yothirira kapena mapanelo a sola, chiganizo chikhalabe chilili. Njira yachiwiri ndi kusiya kudzaza mpata ndi liwu limodzi, m'malo mwake kuudzaza ndi chiganizo chathunthu cholembedwa ndi munthu. Ndiyo ntchito ya danga la `Chochita`. Makasitomala ndi 400, koma magulu ndi atatu okha, ndiye ziganizo zofunika kulemba ndi zitatu. Wa batire auzidwe kuti, "Bwerani nalo batirelo kuti aliyeze ngati likusungabe moto usiku wonse." Wa pampu auzidwe kuti, "Musavutike kuinyamula. Tiuzeni pamene pali dimba lanu, adzafika konko." Wa mapanelo afunsidwe ngati magetsi ayamba kuchepa poyerekeza ndi pamene mapanelowo anali atsopano. Mukasanja tebulo potsata katundu, mumakopera chiganizo chilichonse kwa gulu lake m'mphindi zochepa. Kunena zoona, chiganizo chimodzi chimenechi n'chimene chimapangitsa munthu kumva kuti akumudziwa, kuposa dzina lake. Dzina aliyense angalipeze, koma amene akudziwa kuti pampu ndi yolemera ndipo ili kudimba, ameneyo waganizira za moyo wanu.

Malo nawonso ali ndi msampha wofananawo. Timati ku Dedza, ku Mchinji, koma kwa Goliati, kwa Jali. Mukalemba "ku «Malo»" m'kalata, wina awerenga "ku Goliati", zimene anthu akumeneko sanena. Choncho "ku" kapena "kwa" akhale m'tebulo momwemo, pamodzi ndi tsiku: "ku Dedza pa 14 Novembala". Kulemba tsiku ngati mawu wamba kumapewetsanso vuto lina lodziwika, lakuti Word potenga tsiku ku Excel nthawi zambiri imalionetsa mwezi uli patsogolo, ndipo 4 Novembala amatuluka ngati 11/4, amene wowerenga wa kuno angamuyese 11 Epulo.

Pali malire amene ndikupempha aliyense kuti asawadumphe. Sikuti chilichonse chimene chili m'tebulo n'choyenera kulowa m'kalata. Ngongole imene munthu watsala nayo isaikidwe m'kalata yoitanira anthu kwa mmisiri, chifukwa imelo imodzi nthawi zina amaiwerenga anthu angapo a pa banja kapena a mu ofesi. Komanso mfundo yolakwika imapweteka kuposa kusowa kwa mfundo. Kuuza munthu kuti patha chaka chigulireni pampu pamene iye anagula batire n'kumuuza kuti simukumudziwa ngakhale pang'ono. Mzere umene mukuukayikira uikeni m'gulu lachinayi, la kalata yongonena kuti mmisiri akubwera, yosatchula katundu. Ndipo tebulo la chaka chatha lingakhale ndi munthu amene anatisiya. Ogwira ntchito m'sitolo amene amadziwa makasitomala aliwerenge kaye.

Musanatumize, dinani Preview Results, koma musangoona kalata yoyamba n'kukhutira, chifukwa mzere woyamba kawirikawiri ndi umene munausamala kwambiri. Pitani dala pa mizere yovuta: wopanda dzina, wa dzina lalitali, wa kachizindikiro ka m'mwamba, wa kampani m'malo mwa munthu, ndi umodzi wa gulu lililonse. Awerengeni mokweza makalatawo. Khutu limagwira mgwirizano wolakwika msanga kuposa diso, ndipo pamene lilime lapunthwa, pamenepo pali msoko wa chikombole. Kenako dzitumizireni nokha, muione pa foni monga mmene ambiri adzaionere. Mukakhutira tumizani kwa anthu 20, dikirani tsiku limodzi, ndipo otsalawo atsatire. Word imatumiza kudzera pa Outlook, ndipo mutu wa imelo umakhala umodzi kwa onse, choncho ukhale woona kwa aliyense, monga "Mmisiri wathu akubwera kudera lanu". Adiresi yaulere ya Gmail imalola maimelo pafupifupi 500 pa tsiku, ndiye 400 akwana.

Chotsala n'chakuti kalatayo ichokere ku adiresi imene munthu amaitsegula, ndipo pamapeto pakhale dzina la mwini sitolo kapena la mmisiri amene adzabwereyo. Kalata ikamveka ngati yolembedwa ndi munthu, anthu amayankha: wina afunsa nthawi, wina adandaula kuti batire linafa kalekale. Inu amene mukukonza zotumiza makalata otere sabata ino, patulani munthu woyankha mayankhowo musanadine Finish & Merge.