Mzimu uuse, osati uutse: werenganinso uthenga wa chipepeso musanautumize

Lachiwiri lapitali usiku, mng'ono wanga anandipatsa foni yake. Wangoyamba kumene ntchito, ndiye abwana ake, mayi wachikulire ndithu, anali atamwalilidwa mayi awo owabereka. "Tangondionerani kaye, ndisanatumize," anatero.

Uthengawo unali wotere: "Pepani bwana, ndamva kuti mayi wanu wafa. Amadwala chani? Musadandaule, zimachitika. Mzimu wake uwutse mumtendere."

Mtima wake unali wabwino, koma m'mizere inayi yokhayi munali zinthu zingapo zoti zikanawabaya anamfedwa. Tinakhala pansi n'kuyamba kukonza.

Choyamba chinali mawu oti "wafa". Si kuti mawuwa ndi olakwika m'Chichewa, koma ndi ouma. Timati mbuzi yafa, foni yafa. Polankhula ndi munthu amene misozi ili m'maso, timati amwalira kapena atisiya. Akuluakulu amapitirira apo, imfayo saitchula n'komwe, amangoti kwagwa zovuta. Choncho "ndamva za zovuta zomwe zakugwerani" akukwanira, palibe amene angafunse kuti zovuta zanji.

M'chiganizo chomwecho munalinso vuto la ulemu. Mng'ono wangayu anayamba bwino ndi "pepani", koma atafika pa malemuwo ulemu unathawa: wanu, wafa, wake. Gogo woti ali ndi zidzukulu sitimutchula ngati kamwana. Ndi mayi anu, amwalira, mzimu wawo. Njira yoonera n'njosavuta: tsatirani mawu onse amene akuloza malemu ndi amene akuloza wolandira uthenga, muone ngati ulemu mwauyenda nawo mpaka kumapeto. Ena amalemba "mayi athu", kusonyeza kuti malirowo si a banja lokhalo, ndipo zimamveka bwino kwambiri.

Kenako tinafika pa funso lija, loti amadwala chiyani. Tinalichotsa lonse. Funso limapatsa namfedwa ntchito yoyankha, pomwe iye akuthamangathamanga ndi za bokosi, galimoto ndi chakudya cha anthu. Komanso pali imfa zina zomwe banja silifuna kufotokoza pa foni. Za matenda mukazimva kumaliro komweko, woyankhulira banja akaima.

"Musadandaule, zimachitika" tinachotsanso. Mawuwa timauza mnzathu amene wabedwa foni kapena walakwa mayeso. Kuuza munthu woferedwa kuti asadandaule kuli ngati kumuletsa kulira, ngati kuti chamugweracho n'chaching'ono.

Cholakwika chachikulu chinali kumapeto, ndipo ndimachiona kawirikawiri pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kuusa ndi kupuma. Kuutsa ndi kudzutsa amene ali mtulo. Ndiye mukalemba kuti mzimu uutse kapena uwutse, chilembo chimodzi chokhacho, t, chatembenuza pemphero lonse. Mumafuna kuti malemu apume, koma mwalemba zodzutsa. Zoyenera ndi "mzimu wawo uuse mumtendere". Samalaninso ndi "mzimu wawo ause". Timati mzimu uli, osati mzimu ali, ndiye ukhale uuse. Mukafuna "ause", chotsani mawu oti mzimu, mungoti "mayi athu ause mumtendere".

Titamaliza, uthenga unakhala wotere: "Bwana, ndamva za zovuta zomwe zakugwerani. Pepani kwambiri. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse, ndipo mzimu wa mayi athu uuse mumtendere. Ndifika kusiwa mawa m'mawa."

Pansi pake analembapo dzina lake lonse, poti pa tsiku lotere foni ya namfedwa imalandira mauthenga ambirimbiri, ena ochokera ku manambala osasungidwa. Chiganizo chomalizacho ndinamufunsa kawiri ngati apitedi. Mukadziwa kuti simufika, musalonjeze. Nenani kuti muli kutali koma muli nawo limodzi, ndipo ngati pali kachipepeso, mutumize kudzera mwa amene akusonkhetsa.

Ndinamuuzanso kuti awerenge mokweza, ngati wagwada pamaso pa abwanawo kusiwa. Mawu amene lilime likukana kuwatchula pamaso pa munthu, asapitenso pa foni. RIP amagwera pamenepa: ndani angagwade n'kutchula zilembo zitatu basi n'kunyamuka?

Chomaliza sichinali cha mawu. Tinayamba tafunsa mnzake wa kuntchito ngati abwanawo auzidwa kale. Masiku ano uthenga wa maliro umathamanga pa magulu a WhatsApp kuposa amene atumidwa kukanena, ndiye zimatheka mwana wa malemu kumva za imfa ya mayi ake kudzera mu "pepani" wanuyo. Mnzakeyo atayankha kuti abwana ali kale pa ulendo wa kumudzi, m'pamene mng'ono wanga anatumiza.