Kusaka ntchito pophunzitsa anzako: karoselo ya zolakwika za pa CV

Munthu amene akusaka ntchito amafika kwa mabwana ngati wopempha. Amatumiza kalata, amadikira, osayankhidwa, n'kutumizanso ina. Amene amasefa makalatawo sakumudziwa, ndipo alibe chifukwa chomukumbukirira. Koma pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lomwe linayamba mu 2003 kuti anthu apantchito azidziwana, pali njira ina yofikira kwa anthu omwewo uli ndi kanthu m'manja. Njirayi ndi karoselo.

Karoselo ndi timasamba tingapo totsatizana tomwe munthu amawerenga pafoni pokankha ndi chala, lina likachoka lina n'kubwera. Pa Instagram amaipanga ndi zithunzi. Pa LinkedIn imapangidwa ndi fayilo ya PDF: mukaiika ngati chikalata, tsamba lililonse la fayiloyo limaoneka palokha. LinkedIn imalola masamba mpaka 300, koma palibe amene angakankhe chala maulendo onsewo ali m'minibasi. Masamba 8 kapena 10 ndi okwanira.

Nkhani ya zolakwika za pa CV imakomera wosaka ntchito chifukwa imakoka magulu awiri nthawi imodzi. Anzake osowa ntchito amaiwerenga pofuna thandizo. Akuluakulu oona zolemba anthu ntchito nawonso amaima, chifukwa zolakwikazo amaziona tsiku ndi tsiku ndipo zimawatopetsa. Gulu lachiwirili ndi limene mukulifuna.

Komabe pali funso limene aliyense woona karoseloyo adzafunsa mumtima: iwe ntchito sunaipeze, ukutiphunzitsa kulemba CV ngati ndani? Ambiri amagwera pamenepa. Amatola malangizo 10 pa intaneti, amawakongoletsa ndi mitundu, n'kulankhula ngati katswiri wa zaka zambiri. Wolemba anthu ntchito akangoona masamba awiri amadziwa kuti ndi zokopera, ndipo amapitirira. Ine ndimaona kuti wosaka ntchito ali ndi mphamvu imodzi yokha pankhaniyi, ndipo ndi yokwanira: angathe kuonetsa mzere weniweni wa pa CV yake mmene unalili, ndi mmene waukonzera. Zimenezo sangazikopere kwina, ndipo sizifuna kuti adzitche katswiri.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Anaphunzirako ntchito kwa miyezi 6 pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira, ndipo tsopano akusaka ntchito. Karoselo yake, monga CV yakenso, idzakhala m'Chingerezi poti ndi mmene makalata a ntchito amalembedwera kuno, koma pano mawu ake tiwaika m'Chichewa.

Tsamba loyamba ndi limene limagamula ngati munthu akankha chala kapena ayi. Akalemba kuti "Zolakwika za pa CV", wafanana ndi ena onse. Akalemba kuti "Zolakwika 4 zimene ndachotsa pa CV yanga ya zowerengera ndalama", wanena zinthu zitatu m'mzere umodzi: kuchuluka kwa zomwe zili m'katimo, ntchito yomwe akudziwa, komanso kuti CV ndi yakeyake. Mkulu wa ofesi ya zachuma akaona mawu amenewo amadziwa kuti nkhaniyi ndi ya kumunda kwake.

Cholakwika choyamba chimayenera malo ambiri, ndipo achipatse masamba awiri. Ndicho kulemba udindo m'malo molemba zimene unachita. Pa CV yake yakale panali mzere wakuti, "Ndinkathandiza pa ntchito zosiyanasiyana za mu ofesi ya akawunti." Mzere umenewu angaulembe aliyense amene anakhalako mu ofesi, ngakhale amene ankangotumidwa kukajambulitsa mapepala. Patsamba lotsatira aonetse mzere watsopano: "Mwezi uliwonse ndinkafananitsa mabuku a kampani ndi masitetimenti a ku banki a maakawunti 3, ndiponso ndinkalowetsa mainivoisi pafupifupi 200 m'kompyuta." Pansi pake awonjezere chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chake: wosefa makalata akufuna kudziwa ntchito imene angakusiyire Lolemba m'mawa popanda kukuphunzitsa. Onani zimene zachitika apa. Mtsikanayu akuphunzitsa anzake, inde, koma aliyense amene wafika patsamba lachitatu wawerenga kale luso lake, ngakhale sanapemphe CV. Manambalawo akhale oona, chifukwa pa intavyu adzafunsidwa, ndipo amene ankamuyang'anira pakampanipo akhoza kuona karoseloyo.

Chachiwiri ndi kutumiza CV imodzimodzi kulikonse. Patsambali angaike mawu ochepa a m'chilengezo cha ntchito, monga zija zimatuluka mu The Nation kapena The Daily Times, n'kudula mzere pansi pa zinthu ziwiri zimene akufuna, mwachitsanzo kudziwa Excel ndi kukonza malipiro a antchito. Kenako aonetse mmene wakwezera zinthu ziwirizo pamwamba pa CV, pomwe kale zinali kumapeto kwa tsamba lachiwiri. Dzina la kampani yolengezayo alifufute.

Chachitatu ndi kudzaza tsamba loyamba ndi zaumwini: mpingo, mtundu, mudzi ndi mfumu, kukwatiwa kapena ayi, nambala ya chiphaso cha unzika. Ngati chilengezo sichinafunse, zimenezi zimangodya malo abwino kwambiri a CV, ndipo nambala ya chiphaso ikamayendayenda m'maimelo ingagwe m'manja mwa akathyali. Chachinayi n'chachifupi: fayilo yeniyeniyo. Ena amatumiza chithunzi cha pepala chojambula ndi foni, ena fayilo yotchedwa `CV final new 2.docx`. Aonetse dzina labwino, monga `Dzina-Lanu-CV.pdf`, basi.

Tsamba lomaliza ndi limene limamanga ubale, ndipo ambiri amaliwononga polemba kuti "Chonde ndithandizeni ntchito ina iliyonse." Apa mtsikanayu anene kuti iye ndi ndani m'mizere iwiri: dipuloma yake, ntchito imene akufuna, ndi mzinda umene angagwireko. Akatero afunse funso limodzi lolunjika kwa amene amalemba anthu ntchito za akawunti: kodi cholakwika chimene chimakupangitsani kusiya CV pambali msangamsanga n'chiti? Funso lotere limamuika pamalo ake enieni, a munthu wophunzira, ndipo limapatsa wamkulu mpata woonetsa zimene akudziwa. Anthu amayankha mosavuta akafunsidwa nzeru kusiyana n'kupemphedwa ntchito.

Kapangidwe kake sikovuta. Ambiri amagwiritsa ntchito Canva, yomwe ili ndi mbali yaulere, koma PowerPoint kapena Google Slides zimathanso. Tsamba likhale la `1080 x 1350` kapena `1080 x 1080`, kuti lidzaze bwino foni. Patsamba limodzi pakhale mfundo imodzi, m'zilembo zikuluzikulu. Musanaike, tsegulani fayiloyo pafoni yanu n'kuiwerenga mutaitalikitsa kutalika kwa mkono. Ngati mukufinya maso, mawu achuluka. Zithunzi zolemera zisiyeni, poti amene bandulo yake ikutha sadikira kuti tsamba litseguke. Mukaisunga ngati PDF, pa LinkedIn yambani positi yatsopano, sankhani `Add a document`, ipatseni mutu, ndipo pamwamba lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu. Werengani kawiri musanatumize, chifukwa fayilo ikangoikidwa simungaisinthe. Mungangofufuta positi yonse n'kuyambiranso, ndipo ndemanga zonse zimapita nayo. Karoselo yonena za zolakwika ikakhala ndi mawu olembedwa molakwika patsamba loyamba, anthu amakumbukira chimenecho chokha.

Chenjezo lina ndi la CV za anthu ena. Pamakhala chiyeso chotenga CV ya mnzanu ngati chitsanzo choipa. Ngakhale mutafufuta dzina, anthu a ntchito imodzi m'dziko muno amadziwana, ndipo sukulu, chaka ndi kampani zimaulula mwiniwake. Gwiritsani ntchito yanu, ndipo paiyonso bisani nambala za foni ndi maina a anthu okuchitirani umboni.

Karoselo ikatuluka, ntchito yodziwana ndi anthu ndi pamene yayamba. Tiyerekeze kuti mkulu wina wa zachuma pa bungwe lina ku Lilongwe wayankha funso lija, kunena kuti iye amatopa ndi anthu olemba kuti amadziwa mapulogalamu a akawunti osatchula kuti ndi ati. Mtsikanayu ayankhe tsiku lomwelo, osati ndi "zikomo bwana" yekha, koma ndi mawu osonyeza kuti wamva: kuti iye anagwiritsa ntchito pulogalamu yakuti, ndipo aitchula dzina pa CV. Mawa lake atumize pempho loti alumikizane, ndi kauthenga kakafupi kokumbutsa za ndemangayo. Malo a uthengawo ndi ochepa, ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo pa akawunti yaulere mauthenga otere ali ndi malire pamwezi, choncho awasungire anthu oyenera. Asapemphe ntchito mu uthenga woyambawo, ndipo asaponye CV munthu asanaifunse. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri angamuuze kuti wakonza mzere uja, n'kufunsa ngati tsopano ukumveka. Munthu amene wakukonzera mzere umodzi amakukumbukira mpata ukapezeka kuofesi kwake kapena kwa mnzake.

Podziwa ngati zikuyenda, musawerenge kuchuluka kwa anthu amene aikonda. Anzanu a kusukulu 60 akhoza kudina chala onse, koma iwonso akusaka ntchito yomweyo. LinkedIn imaonetsa mwini positi maudindo, makampani ndi mizinda ya ambiri mwa amene aiona. Ngati pamndandandawo pali ophunzira okhaokha, ndiye kuti mutu unali wa aliyense, kapena amene mwalumikizana nawo ndi anzanu okha. Zikatero, musanatulutse ina, yambani mwalumikizana ndi anthu a ntchito yanu ndi kumayankha mwanzeru pa zimene iwo amalemba. Ngati pali akawuntanti ndi oona zolemba anthu ntchito, ngakhale atakhala ochepa, yafika kumene imafunika.

Njirayi ili ndi malire. Imathandiza kwambiri pa ntchito zimene mabwana ake amapezeka pa LinkedIn, monga za m'mabanki, m'mabungwe omwe si aboma, zamakompyuta ndi zamalonda. Ntchito za m'boma zili ndi ndondomeko yakeyake yofunsira, ndipo karoselo siingalowe m'malo mwake. Kudzionetsa kuti mukusaka ntchito kumaitananso anthu achinyengo, amene amabwera mseri n'kunena kuti ntchito ilipo koma mutumize kaye ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Amenewo musawayankhe n'komwe.

Karoselo yachiwiri isachedwe kupitirira milungu iwiri kapena itatu, ndipo nkhani yake ili kale m'manja: zimene akuluakulu aja anayankha. Mtsikana wathu angatenge mfundo ya mapulogalamu ija, apemphe chilolezo kwa mwini wake kuti amutchule, n'kuonetsanso mzere wakale ndi watsopano. Mkuluyo akatchulidwa n'kuyankhapo, positiyo imatha kuonekeranso kwa anthu amene iye amalumikizana nawo, omwe ambiri ndi akuluakulu anzake a zachuma.