Musanamupatse Wothandiza Kugulitsa Nyumba Yanu, Lemberanani

Tiyerekeze kuti nyumba ya ku Chilomoni ikugulitsidwa pa K40 miliyoni. Wothandiza kupeza wogula akuti komishoni yake ndi magawo 5 pa 100 alionse, kutanthauza K2 miliyoni. Mwini nyumba akhoza kunenerera kuti ikhale magawo 3, koma ikagulidwa pamtengo woposa pamenepo, ndalama yapamwambayo agawane. Zikatero wothandizayo salola msanga mtengo wotsika.

Mkangano umabuka mwini nyumba akapeza yekha wogula, mwina msuweni wake, wothandizayo nkubwera kudzaitanitsa ndalama. Nchifukwa chake pepala la mgwirizano linene ngati komishoni ilipo zikatero. Linenenso kuti mgwirizano utha liti, monga pakatha miyezi 3, komanso kuti komishoni idzaperekedwa wogula akamaliza kulipira, osati akangopereka chikole. Onse awiri asayine pamaso pa mboni.